Yankho la Derrick pa Funso Lachitatu

Sepo Mwangelwa ankagwira ntchito ku kampani ina yonyamula alendo pa bwalo la ndege la ku Livingstone. Ntchito yake inali yogawira madalaivala maulendo: uyu atenge alendo awa kupita nawo ku loji, uyo adikire ndege ya masana. Anali atagwira ntchitoyi zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo inali itamukwana. N'chifukwa chake Loweruka lililonse ankakwera basi kwawo ku Dambwa kupita m'tauni, kumene yunivesite ina ya ku Lusaka inkachita lendi zipinda zitatu pamwamba pa masitolo. Kumeneko iye ndi anzake khumi ndi asanu ndi awiri ankaphunzira za mikangano ndi njira zoithetsera.

M'kalasimo aliyense ankadziwa kuti Sepo ndiye katswiri. Notsi zake zinali zaukhondo, zolembedwa ndi mapeni amitundu itatu, ndipo anzake ankazijambula pa foni. Amene ankazijambula kwambiri anali Derrick Likando, yemwe ankagulitsa ziboliboli kwa alendo pa msika wa ku Mukuni. Derrick ankafika mochedwa, malaya atachita fumbi, m'manja mukununkha polishi wa mitengo. Chingerezi chake cholemba chinali chotsimphina. Chaka choyamba akanalephera, koma Sepo anamumvera chisoni nayamba kukhala naye ola limodzi akaweruka m'kalasi, n'kumamubwerezera zonse pang'onopang'ono. Sepo ankasangalala nazo zimenezi. Ankakonda kuona nkhope ya Derrick ikuwala akamvetsa chinthu, komanso kumumva akunena kuti popanda ba Sepo akanabwerera kale ku ziboliboli.

Semesita imeneyo mphunzitsi wawo, Dokotala Maimbolwa, mayi wamfupi wa imvi zochepa amene ankabwera ndi basi kuchokera ku Lusaka, ankawaphunzitsa za kukambirana pofuna kugwirizana. Anayamba ndi njira ya masamu, imene m'mabuku amaitcha game theory. Njira imeneyi imayerekeza kuti mbali iliyonse ikufuna phindu lake ndipo imawerengera bwino zimene inzake ichite. Anthu awiri akamasinthana mawu pogawana chinthu chimene chikuchepa mtengo akamachedwa, amene angathe kudikira nthawi yaitali, kapena amene ali ndi kwina kopita zokambirana zikalephera, ndiye amatenga gawo lalikulu. Ndipo ngati onse akudziwana mphamvu, amagwirizana nthawi yomweyo, chifukwa kumenyana kumawonongetsa onse. Mkangano umabuka pamene wina akubisa kapena kukokomeza mphamvu zake, kapena pamene palibe chotsimikizira kuti lonjezo la lero lidzasungidwa mawa mphamvu zikasintha.

Kenaka anawaphunzitsa njira ina, yoyang'ana mmene anthu enieni amachitira. Anawachititsa kasewero m'kalasi: wina apatsidwa maswiti khumi n'kuuza mnzake kuti amugawira angati, mnzakeyo akakana, onse awiri sapeza kanthu. Mwa masamu okhaokha, munthu wofuna phindu lake lokha ayenera kuvomera ngakhale switi imodzi, chifukwa imodzi iposa kusowa. Koma m'kalasimo ambiri anagawa anayi kapena asanu, ndipo amene anapatsidwa imodzi anakana n'kutukwana mwanthabwala.

Derrick anamvetsa msanga za maswitizo, koma za masamu zinamuzunguza mutu. Sepo anamujambulira mzere papepala, mbali ino chimene wogulitsa sangatsike nacho, mbali inayo chimene wogula sangapitirire, pakati pake mpata wogwirizanirana. Anabwereza katatu. Tsiku lina, pofuna kumupumitsa, anamufotokozera za mkangano umene unachitika kuntchito kwake chaka chathacho pakati pa madalaivala a matakisi akale ndi atsopano, polimbirana mzere wonyamulira alendo. Anaufotokoza ngati nkhani yocheza chabe, uku akudya mtedza.

Mayeso a pakati pa semesita anali ndi kanthu kena chaka chimenecho. Bungwe lina loyanjanitsa anthu pa mikangano ya malo cha ku Kazungula linapempha wophunzira mmodzi woti akagwire nawo ntchito miyezi itatu, ndipo Dokotala Maimbolwa ananena kuti atumiza amene adzapambane onse. Sepo anali atafunsa kale bwana wake ngati angamupatse tchuthi chachitali. Funso lachitatu, la malikisi makumi anayi, linawauza kuti ayerekeze njira ziwirizo ndi kunena ngati iliyonse ingathandize kumvetsa chifukwa chimene zokambirana zimalepherera. Sepo analemba masamba asanu ndi limodzi, sanasiye mfundo ngakhale imodzi. Potuluka anaona pepala la Derrick lili ndi masamba atatu okha, ndipo anamulimbikitsa kuti asadandaule.

Patapita masabata awiri mapepala anabwezedwa. Sepo anapeza 27 pa funso lachitatu. Asanamalize kudabwa, Dokotala Maimbolwa ananena kuti pali yankho limodzi limene akufuna onse alimve, ndipo anapempha Derrick kuti awalole kuliwerenga. Linali ndi 36. Malikisi a mafunso onse ataphatikizidwa, Derrick anaposa Sepo ndi awiri.

Yankholo linayamba ndi madalaivala a pa bwalo la ndege. Akale anauza atsopano kuti azinyamula ulendo umodzi pa maulendo asanu alionse. Atsopano anakana, ndipo kwa masabata atatu ankatsekerezana magalimoto, alendo n'kumakwera mabasi a maloji. Derrick analemba kuti njira ya masamu ikufotokoza zambiri pamenepa. Akale ankaganiza kuti atsopano sangapirire sabata imodzi, osadziwa kuti ambiri a iwo ankapezanso okwera m'tauni, choncho anali ndi kwina kopita. Kuchedwako kunali njira yodula yosonyezera kuti angathe kudikira. Komanso atsopano ankachulukirachulukira, ndiye akale ankaopa kuti chimene avomere lero chidzaphwanyidwa chaka chamawa. Koma analembanso kuti pali zinthu zimene masamuwo paokha sakuzigwira. Atsopano ena amene analibe kwina kopita anakananso, chifukwa ulendo umodzi pa asanu unali chipongwe kwa iwo. Akale ankamva kuwawa kutaya ulendo umodzi kuposa mmene akanakondwera kupeza wina, popeza mzerewo ankauona ngati wawo. Ndipo mfundo ya ulendo umodzi pa atatu, imene akale anaikana atsopano ataitchula, anaivomera abusa ena atabwera nayo ngati yawo.

Pomaliza analemba kuti njira ziwirizi si adani. Ya masamu imasonyeza pamene pali mpata wogwirizanirana ndi zimene zingautseke ngakhale kwa anthu oganiza bwino. Inayo imasonyeza chifukwa chimene anthu amalephera kulowa mumpata umene ulipo. Anawonjeza kuti munthu angathe kulowetsa kukonda chilungamo m'masamu momwemo, ngati chinthu chimene munthu amachiwerengera phindu, koma achenjere, chifukwa ukamawonjeza chilichonse zinthu zitachitika kale, masamu ako afotokoza zonse koma sadzalosera kanthu.

Kalasi inaomba m'manja. Sepo nayenso anaomba. Nkhani ya madalaivala inali yake. Iye ndi amene anaima padzuwa masabata atatu aja akupepesa alendo. Iye ndi amene ankadziwa dzina la abusawo. Sanailembe chifukwa ankaona kuti si nkhani ya pa mayeso a yunivesite. Pansi pa yankho lake Dokotala Maimbolwa analembapo ndi peni yofiira kuti zonse n'zolondola, koma wafotokoza njira yoyamba, kenaka yachiwiri, osaziyerekeza, ndipo maganizo ake ake sakuoneka.

Pa masitepe Derrick anamudikirira, akumwetulira ngati munthu amene watola chinthu pamsewu.

"Ba Sepo, iyi ni yanu. Ine nenzeli chabe kulemba vamene munaniuza."

Sepo anamuyamikira ndi mawu oyenera, nati akufulumira. Mu basi yopita ku Dambwa anawerenganso masamba ake asanu ndi limodzi kufunafuna pamene mphunzitsi analakwitsa pochonga. Sanapapeze. Chimene chinamupweteka kwambiri sichinali Kazungula ayi. Chinali chiganizo chomaliza chija, cha masamu ofotokoza zonse osalosera kanthu. Chimenecho sichinali m'notsi zake, ndipo iye anali asanachiganizepo. Sabata yonseyo kuntchito ankalakwitsa mayina a maloji. Pa gulu la kalasi la pa foni anthu ankamutcha Derrick "pulofesa wa ku Mukuni", ndipo Chisha, mtsikana wogwira ntchito mu saluni amene kale ankapempha notsi kwa Sepo, anafunsa ngati Derrick angawathandize pokonzekera mayeso omaliza.

Loweruka lotsatira Sepo anafika m'mawa anzake asanabwere, napeza Dokotala Maimbolwa akumwa tiyi m'kachipinda kawo. Anayamba bwino, kufunsa mmene angakonzere kalembedwe kake. Kenaka anati mfundo zonse za Derrick zinachokera m'notsi zake, ndipo nkhani ya madalaivala anamuuza ndi iye. Mphunzitsiyo anayankha kuti kuwerengera limodzi si mlandu, ndipo nkhani imene munthu wamva ali ndi ufulu woiganizira. Anaika kapu pansi namuyang'ana.

"Kapena mukamba kuti analowa na pepala mu mayeso?"

Sepo akanatha kunena kuti ayi. M'malo mwake anati, "Sin'naone pepala, ba Dokota. Koma enzeli kuyangana pansi pa desiki maningi."

Zinali zoona kuti Derrick ankayang'ana pansi. Ankatero nthawi zonse akamaganiza, ndipo Sepo ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense, atakhala naye pafupi chaka ndi theka. Dokotala Maimbolwa anati mawu otere sangawanyalanyaze. Popeza palibe umboni, sakalemba lipoti ku Lusaka, koma amuitana Derrick kuti adzafotokoze yankho lake pakamwa pamaso pa iwo ndi mphunzitsi wina. Akalephera, nkhani ipita patsogolo. Dzina la wodandaula salitchula. Sepo anatuluka m'kachipindamo, ndipo pansi pa mtima panali kachimwemwe kena kamene sanafune kukayang'anitsitsa.

Lachitatu masana, ndege ya ku Johannesburg itangotera ndipo alendo atapita, Sepo anaona Derrick ataima pafupi ndi malo oimika magalimoto. Anali atasiya tebulo lake ku Mukuni m'manja mwa mnzake, n'kukwera magalimoto awiri kuti afike kumeneko. Nkhope yake inali yogwa. Anamuuza Sepo kuti wina wamunenera kuti anabera mayeso, ndipo Loweruka akaonekera kwa aphunzitsi awiri. Ankaganizira Chisha, chifukwa ndi amene anakhala kumbuyo kwake. Anati saopa funsolo, koma amaopa kuti akaima pamaso pa anthu ophunzira Chingerezi chimamuthawa, ndiye aoneka ngati wakuba. Anapempha Sepo kuti amufunse mafunso ngati mmene aphunzitsiwo akachitire.

Anakhala pa benchi pansi pa mtengo, ndipo Sepo anayamba kumufunsa. Anamufunsa molimba, mwina molimba kuposa mmene zinafunikira. Chifukwa chiyani woleza mtima amapeza gawo lalikulu? Derrick anayang'ana pansi, nayankha kuti mlendo amene basi yake ikunyamuka pakapita mphindi zisanu sangakane mtengo kawiri, pamene wogulitsa amene akhala pamenepo mpaka madzulo angathe kukana. Koma tsiku limene sanagulitse kanthu chiyambire m'mawa, wofulumira amakhala iyeyo. Nanga kutchula mtengo wokwera poyamba? Anati mwa masamu, ngati wogula akudziwa bwino mtengo weniweni wa chinthucho, mawu oyambawo sayenera kumusuntha, koma iye waona kambirimbiri kuti nambala yoyamba imakakamira m'mutu mwa munthu n'kukoka zonse zotsatira. Sepo anamupanikiza: mwina mlendoyo sakudziwa mtengo, ndiye akuphunzira kuchokera ku nambalayo, zomwe ndi nzeru ndithu. Derrick anaseka koyamba tsiku limenelo, nati n'zoona, ndipo n'chifukwa chake kuyang'ana pamsika pokha sikungalekanitse zifukwa ziwirizo. Pamafunika kuyesa kumene nambala yoyamba ndi yongotola, yopanda chimene ikuphunzitsa, n'kuona ngati ikukokabe anthu.

Sepo anamvetsera, ndipo nsanje inamukwera mwatsopano, yoposa ya m'kalasi ija. Munthuyu sankaloweza. Zinthu zimene iye ankazisunga m'mitu ndi m'mizere yamitundu, Derrick ankazitembenuza m'manja ngati mtengo umene akufuna kuusema. Anazindikira pa benchi pomwepo kuti ngakhale atalemba mayesowo kachiwiri, yankho lija sakanalilemba. Kawiri konse anatsegula pakamwa kuti aulule, koma foni ya kuntchito inalira, ndipo iye anaiyankha mofulumira kwambiri. Derrick ponyamuka anamuthokoza, nati akakumana ndi Chisha samupatsa moni.

Loweruka Derrick anakhala m'kachipinda kaja mphindi makumi anayi. Kalasi inadikira, anthu akunong'onezana, Chisha ali yekha pakona chifukwa mphekesera inali itamufika. Derrick atatuluka anapita molunjika kwa Sepo namukokera pakhonde. Zinayenda bwino. Mphunzitsi winayo mpaka anamufunsa ngati anaganizapo zodzapitiriza maphunziro. Ndipo atamufunsa kuti za masamuzo anazimvetsa bwanji, iye anawauza zonse: kuti ndi ba Sepo amene anamujambulira mzere uja katatu, ndi ba Sepo amene anamupatsa nkhani ya madalaivala, ndipo ngati n'kotheka atumize awiri ku Kazungula. Anati Dokotala Maimbolwa atamva zimenezo anangoyang'ana pawindo.

Sepo anayang'ana kudzera pakhomo n'kuona Chisha akupukuta m'maso ndi nsonga ya chala kuti asawononge zodzola.

"Si Chisha," anatero. "Nine n'nakamba."

Derrick anamuyang'ana ngati sanamve chinenerocho. Kenaka anafunsa chimene anaona pa tsiku la mayeso.

"Palibe."

"Manje chifukwa chani?"

Sepo anafuna kunena za notsi, za maola onse amene anamuthera, za madalaivala, koma zonsezo Derrick anali atangozinena yekha kwa aphunzitsi. Anangonena chimene chinamupweteka: "Chinanibaba kuti munalemba bwino kupambana ine."

Derrick sanakalipe. Anagwedeza mutu pang'onopang'ono, nati Lachitatu lija anataya tsiku lonse la malonda kuti abwere kwa munthu mmodzi amene ankamukhulupirira. Analowa m'kalasi, napita kukakhala pafupi ndi Chisha, ndipo Sepo anamuona akuwerama kumupepesa. Kalasi itatha Sepo anapita kwa Dokotala Maimbolwa kukabweza mawu ake. Mayiwo anamvetsera uku akulongedza mabuku m'chikwama, nati anali atadziwa kale kuyambira pamene Derrick anayankha funso loyamba m'kachipinda kaja. Sanamulange. Anangomuuza kuti ntchito yoyanjanitsa anthu imafuna munthu amene mawu ake pa za mnzake angadaliridwe, ndipo aganizirepo bwino zimenezo asanapemphe kalata yomuchitira umboni.

Derrick anapita ku Kazungula mwezi wotsatira, koma Loweruka ankabwerabe ku kalasi, tsopano atavala malaya a kolala okhala ndi chizindikiro cha bungwe lija. Sanauze aliyense za Sepo kupatula Chisha, ndipo Chisha, modabwitsa, sanazifalitse. Anthu anangoona kuti awiriwo sakhalanso limodzi akaweruka. Sepo anayamba kulemba mosiyana. Pa ntchito yotsatira analemba masamba anayi okha, natsutsa mfundo ina ya m'buku, ndipo anapeza malikisi abwino kuposa kale lonse. Atalandira pepalalo, chinthu choyamba chimene anachita chinali kusuzumira la Derrick, limene linali pa desiki la kutsogolo. Anasiyana ndi malikisi amodzi, Derrick ali pamwamba.

Sabata yomaliza mayeso a kumapeto asanayambe, Sepo akutsika masitepe anapeza Derrick atakhala pamenepo ndi Chisha ndi ena awiri, akuwafotokozera za mpata wogwirizanirana. Anamva akunena kuti munthu akakhala ndi kwina kopita, gawo lake limakula nthawi zonse. Sepo anadutsa masitepe atatu, kenaka anaima. Anatembenuka nanena kuti si nthawi zonse: posinthana mawu kuja, kwina kopitako kumasintha zinthu pokhapokha ngati kukuposa chimene munthuyo akanapeza kale pa zokambiranazo, apo ayi kuopseza kuti achoka n'kopanda mphamvu, chifukwa mnzake akudziwa kuti sachoka.

Derrick anayang'ana pansi kanthawi. Kenaka anafufuta mzere umodzi papepala lake, nalemba zimene Sepo ananena, nauza anzakewo kuti akonze nawonso.

"Zikomo, ba Mwangelwa," anatero, osakweza maso.

Sepo anadikira pang'ono kuti mwina wina asendeza chikwama kuti akhale nawo. Chisha anali atayamba kale kufunsa funso lina. Sepo anatsika masitepe otsalawo, nawoloka msewu kupita kokwerera mabasi a ku Dambwa.